Ndikufuna kuletsa oda yomwe sinatumizidwe, kodi adzandidula zingati?

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Lachiwiri madzulo ndinaoda makina osokera pa intaneti, ndipo ndinalipira zonse pakhadi. Dzulo nditawerenganso bwinobwino tsatanetsatane wake, ndinapeza kuti makinawo ndi a magetsi a 110V, pomwe kunyumba kwanga ndi 230V. Kungowalumikiza chabe, mota ipserera. Kulakwa ndi kwanga, sindikukana, ndinaoda mothamanga.

Pa akaunti yanga oda ikuonetsabe "Processing", ndipo nambala yolondolera katundu sanandipatse. Ndikumva kuti zikatere ndiye kuti katundu sanaperekedwe kwa onyamula. Koma batani loletsera oda palibe, ndiye ndawalembera uthenga. Ndaikamo nambala ya oda, tsiku ndi nthawi yomwe ndinalipira, chifukwa chenicheni choletsera, ndi pempho loti asatumize. Ndajambulanso tsambalo kuti ukhale umboni woti ndinaletsa katundu asananyamuke.

Chomwe chikundisowetsa tulo ndi malamulo awo. Analemba kuti oda ikaletsedwa "angadule ndalama yokonzera katundu", osatchula kuchuluka kwake. Kodi chindapusa chotere chimakhalapo ngakhale katundu asanatuluke m'nyumba yosungira, kapena chimayamba akamaliza kulongedza? Nanga ndalama yotumizira, popeza palibe chomwe chatumizidwa, imabwezedwa yonse?

Komanso inu amene munaletsapo oda, mukadakhala ine mukadapempha kuti angosintha makinawo ndi a 230V m'malo moletsa? Ndikuopa kuti ndikamadikira yankho akhoza kutumiza, nkhani n'kusanduka yobweza katundu pa mtengo wanga.