Pulani ya masamba 38, koma andipatsa mphindi zitatu

Nachisale (chiponde, Mchinji): Akuluakulu, ndithandizeni. Lachisanu ndikukaonekera kwa anthu ofuna kuika ndalama m'mabizinesi ang'onoang'ono, ndipo aliyense akupatsidwa mphindi zitatu basi. Pulani yanga ndi ya masamba 38. Ndayesa kuifupikitsa, koma dzulo nditawerenga mokweza ndikuyang'ana nthawi pafoni, zanditengera mphindi 9. Chilichonse ndikuona ngati n'chofunika.

A Gondwe: Chemwali, asakunamizeni. Chachikulu akafunsa chikole. Ine ulendo wanga ndinanyamula mapepala a malo, nkhani inathera pomwepo.

Nachisale: Achimwene, iyi si ngongole ya kubanki. Awa amapereka ndalama n'kutenga gawo la bizinesi.

Mayi Mbewe: Nachisale, lekani kudula pulaniyo. Itsekeni, mutenge pepala lina. Ndiyankheni izi: mukugulitsa zingati pamwezi, botolo limodzi limakusiyirani zingati, ndipo chikukulepheretsani kugulitsa zambiri n'chiyani?

Nachisale: Mabotolo 600 pamwezi, m'mashopu 14 a pa Mchinji ndi ku Lilongwe. Botolo ndimagulitsa K4,500, ndipo mtedza, botolo lenilenilo, chizindikiro, magetsi ndi thiransipoti zimadya K3,200. Maoda amafika 1,500 koma kachigayo kanga kamatentha kakagwira maola awiri, timachita kukadikira kazizire. Ndikufuna K12 miliyoni: 7 ya makina aakulu, 5 yogulira mtedza nthawi yokolola usanakwere mtengo.

Mayi Mbewe: Mwaona? Zimene mwalembazi ndiye zokakamba zanu, ndipo ndikhulupirira mu pulani zili cha ku tsamba 25. Yambirani pomwepo: "Mwezi uliwonse mashopu amandiitanitsa mabotolo 1,500 a chiponde, ine ndimakwanitsa 600 okha. Maoda a mabotolo 900 ndimawabweza chifukwa cha makina amodzi." Mawu amenewa satha masekondi 20, koma munthu wa ndalama wamva kale kuti msika ulipo ndipo vuto lake ndi logulika.

Kenako nenani za botolo limodzi: K4,500, kuchotsa K3,200, kutsala K1,300. Musawerenge tebulo lonse la zaka zisanu, palibe amene angasunge manambala khumi m'mutu. Mukatero nenani ndalama imene mukufuna ndi ntchito yake, isanakwane mphindi yachiwiri. Ndaonapo anthu belu likulira asanatchule n'komwe kuti abwerera zingati. Zimandipweteka, chifukwa ena mwa iwo mabizinesi awo anali abwino ndithu.

Mbiri ya mmene munayambira, masomphenya, ndi masamba ofotokoza ubwino wa mtedza m'thupi, zisiyeni mu pulani. Akaifuna adzaipempha.

Chikondi: Onjezaniponso kuti ndalama ibwerera msanga. 1,500 kuchulukitsa ndi K1,300 ndi K1,950,000 pamwezi, ndiye miyezi 6 kapena 7 yokha K12 miliyoni yabwera. Zimenezo zimawakoka.

Mayi Mbewe: Kutchula nthawi n'koyenera, Chikondi, koma masamuwo akagwidwa nawo. Mabotolo 600 akugulitsidwa kale popanda ndalama yawo. Chobwera ndi makina atsopano ndi 900 okha, yomwe ndi K1,170,000 pamwezi, kutanthauza miyezi yopitirira 10. Ndipo apo sitinachotse lendi ndi malipiro a antchito. Nachisale, munene kuti chaka ndi miyezi ingapo. Nambala imodzi ikapezeka yokokomeza, amayamba kukayikira zonse.

Nachisale: Ndamva mayi. Koma nkhani ya amayi 40 amene ndimawagula mtedza ndiichotsedi? Mtima wanga uli pamenepo.

Mayi Mbewe: Isachoke, koma igwire ntchito. Aliyense wodziwa mtedza akafunsa za chuku. Ndiye nenani kuti mumagula kwa alimi 40 omwe mumawadziwa, amaumitsa bwino, sanyowetsa mtedza posenda, ndipo mumasankha musanakazinge. Chiganizo chimodzi chayankha za anthu ndi za ukhondo. Chiphaso cha MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu, muli nacho?

Nachisale: Ndinapereka kale mafomu, ndikudikira kuti adzayendere.

Mayi Mbewe: Kanene choncho kumene, musanafunsidwe.

A Gondwe: Nanga gawo muwapatsa lalikulu bwanji? Ine ndiye sindingatchule, ayambe okha.

Nachisale: Ndimaganiza 20 pa 100 aliwonse.

Mayi Mbewe: Dziwani kuti mukatero mwanena kuti bizinesi yonse, ndalama yawo italowa, ndi ya K60 miliyoni, pomwe pano imasiya K780,000 pamwezi musanalipire lendi. Akufunsani kuti mwaipeza bwanji. Ine ndimakonda kutchula, zimaonetsa kuti munthu waganiza.

Chikondi: Apo ndili mbali ya a Gondwe. Ukatchula woyamba, kukambirana kumayambira pomwepo kumatsika.

Nachisale: Ilo ndigona nalo. Ndalembanso potsatira zija, ndawerengera mwana wanga wa Fomu 3, zatenga mphindi zitatu ndi masekondi 25. Iye wakumbukira 900 ndi K12 miliyoni, koma za makina wati sanamvetse.

Mayi Mbewe: Chotsani dzina la makina ndi mphamvu zake, mungoti "makina opera chiponde cha mabotolo 1,500 pamwezi". Mufike pa mphindi ziwiri ndi masekondi 40, chifukwa pamaso pa anthu mudzapumira kuposa kunyumba. Mujambule mawu usiku uno munditumizire, ndimvere. Botolo limodzi ndi kasupuni musaiwale Lachisanu.