Ntchito za Craveirinha asanatchuke: ndilembe bwanji?

Wa kalasi 12, Ulongwe: Akuluakulu thandizeni. Atiuza tilembe ndime imodzi ya ntchito zomwe José Craveirinha, wolemba ndakatulo wa ku Mozambique, ankagwira asanatchuke, ndipo mfundo iliyonse tionetse komwe taitenga. Ndapeza utolankhani ku O Brado Africano, Notícias ndi Tribuna, zamasewera, ndiponso ndende. Zonsezi zilowe? Nanga kutchukako kunayamba liti?

Wa ku Moatize: 1991 mphwanga, pomwe analandira mphotho ya Camões. Zam'mbuyo zonse ponyamo, pansi ulembe Wikipedia, basi.

Mphunzitsi wopuma, Domwe: Chaka cha mphothocho n'choona, koma sichingakhale malire. Munthuyu anabadwa mu 1922, ndiye ukayika malire pa 1991 ulemba pafupifupi moyo wake wonse. Ine ndikanadula pa 1964, pomwe buku lake loyamba, Chigubo, linatuluka ku Lisboa. Chiganizo chako choyamba chinene kuti wadulira pamenepo, wochonga asakufunse.

Ndende ichotse mwanawe. A PIDE, apolisi achinsinsi a boma la Apwitikizi, anamutsekera kuyambira 1965 mpaka 1969, malire atadutsa kale, komanso palibe analembedwapo ntchito ya ukaidi. Nyuzipepala zitatuzo ziike m'chiganizo chimodzi, ntchito yake ndi imodzi. Koma samala, buku lomwe likunena za O Brado Africano mwina silikutchula Tribuna. Dzina la wolemba, chaka ndi tsamba uziike pomwe pathera mfundo yomwe bukulo likunenadi, usaunjike zonse kumapeto kwa ndime.

Mayi wa ku Tsangano: Wanga anamupatsa ndakatulo yoloweza ya bambo yemweyu. Alipo angamuthandize matchulidwe a Chipwitikizi?

Wa kalasi 12, Ulongwe: Amayi, imeneyo ndi nkhani ina. Aphunzitsi, vuto ndi loti nyuzipepalazo sindinazionepo. Ndawerenga m'buku la munthu wina yemwe akuzitchula.

Mphunzitsi wopuma, Domwe: Usanamizire kuti unaziona. Tchula nkhani ya m'nyuzipepalayo, ulembe apud, kutanthauza kuti waipeza kudzera mwa wina, kenako wolemba buku lomwe lili m'manja mwakolo ndi tsamba lake. Pamndandanda wakumapeto palowe buku lokhalo. Ukadzaipeza nyuzipepala yeniyeniyo, malo ulembe Lourenço Marques monga zinasindikizidwira, poti dzina la Maputo linabwera mu 1976. Chimodzimodzi mutu wa buku: la 1964 ndi Chigubo, lomwe linasindikizidwanso mu 1980 ndi Xigubo. Ndikaona Xigubo pambali pa 1964 ndimadziwiratu kuti mwanayu wangokopera. China, nkhani zina ankasainira mayina ena, monga Mário Vieira. Lemba dzina lomwe lili papepalapo, la Craveirinha litsatire m'mabulaketi.

Wa ku Moatize: Chabwino, 1964. Koma zamasewera zilowe ndithu, mpira ankamenya ameneyu.

Mphunzitsi wopuma, Domwe: Kulemba nkhani zamasewera m'nyuzipepala ndi ntchito, ilowe pa utolankhani. Kumenya mpirawo ine ndikanausiya, pokhapokha buku lake la mnyamatayu likunena kuti ankalandirapo malipiro.

Wa ku Moatize: Ndiye osalipidwa sagwira ntchito, aphunzitsi? Mayi anga kumunda amalipidwa ndi ndani?

Wa kalasi 12, Ulongwe: Mpirawo ndikawafunsa eniake ochonga Lolemba. Nanga apud uja amalembedwa mopendeketsa?