K150,000 kuti andilembere maimelo asanu, ndilipire?

Nabanda_Zosoka: Abale ndithandizeni nzeru. Ndimasoka mayunifomu ku Chilomoni, ndili ndi matelala anayi. Ndasonkhanitsa maimelo a sukulu za pulaiveti 48 za mu Blantyre muno, ena ndinawatenga ku Trade Fair ku Chichiri, ena pa zikwangwani. Pali mnyamata akuti andilembera maimelo asanu otsatizana opita kwa ahedi, K150,000. Ndilipire kapena ndikuberedwa?

Che Jombo: Mukuberedwa mayi. Ine wina anandidya K90,000 chaka chatha, bizinesi yanga ya masola. Imelo yoyamba inali bwino ndithu. Yachiwiri: "tikungokukumbutsani za imelo ija." Yachitatu: "kodi munaiona imelo ija?" Yachinayi ndinachita kutseka laputopu. Kasitomala mmodzi anandiyankha mawu awiri, "tasiyani kutivutitsa", munthu woti ndinkamudalira. Mnyamatayo foni anazimitsa.

Bigi wa ku Limbe: K150,000 yokhayo mukulira? Ine ndinalipira K400,000 ndipo sindinadandaule. Zabwino sizitchipa.

Che Jombo: Nanga munagulitsa zingati Bigi?

Bigi wa ku Limbe: Zimenezo n'za akauntanti wanga.

Mai a Tada: Achemwali, musanakambe za mtengo muuzeni mnyamatayo akulembereni pa pepala limodzi mizere isanu: imelo iliyonse ikubweretsa chiyani chimene sichinali m'yapitayo. Akalephera, mwadziwa kale kuti mukugula imelo imodzi yovala malaya asanu, ngati ya a Jombo. Ndakhala ndikutumiza makotesheni ku maofesi zaka zambiri, ndipo muyeso wanga ndi uwu: munthu amene sanatsegule maimelo onse am'mbuyo, akatsegula iyi yokha, apezamo kanthu?

Ya inu ndikanaiyala chonchi. Yoyamba ikhale yaifupi, mizere isanu kapena isanu ndi umodzi. Ndinu ndani, muli kuti, ndi funso limodzi losavuta kuyankha: kodi mayunifomu a teremu ya Seputembala munapereka kale kwa wina? Musaikemo mitengo, musamatemo mafayilo.

Yachiwiri, patapita masiku atatu kapena anayi, muwapatse chinthu choti agwiritse ntchito ngakhale asakugulireni. Tchati cha masaizi malinga ndi kalasi, mwachitsanzo. Mukudziwa nokha mmene sukulu zimatsalira ndi mulu wa masaizi aakulu pamene ang'onoang'ono anatha sabata yoyamba. Ahedi ambiri amangoyerekeza.

Yachitatu ndiye ya ndalama, koma osati mndandanda wa mitengo. Muwawerengere. Tinene ana 200, malaya K9,500 limodzi, zonse K1,900,000, dipoziti theka K950,000, yotsala polandira katundu. Munthu amatha kuitumiza imelo yotereyi kwa mwini sukulu osawonjezerapo mawu.

Nabanda_Zosoka: Mtengo wanga ndi K11,000 mayi, nsalu inakwera.

Mai a Tada: Ikanimo wanuwo, ine ndimangopereka chitsanzo. Yachinayi ndi imene anyamata olembawa amaiphonya, chifukwa ntchito yanu saidziwa. Iyankhe mantha amene mhedi sanena: telala adya dipoziti, sukulu itsegulidwa ana alibe zovala. Musalumbire kuti ndinu okhulupirika, aliyense amatero. Onetsani masiku. Matelala anayi, aliyense malaya asanu patsiku, ndi 20 patsiku. Malaya 200 ndi masiku 10 ogwira ntchito. Onjezani sabata yogula nsalu ndi kupeta baji, ndi masabata atatu. Ndiye mulembe tsiku lenileni lomaliza kulandira oda kuti katundu afike sukulu isanatsegulidwe. Ngati muli ndi sukulu imene munaisokera kale ndipo yavomera kuti anthu aiimbire foni, itchuleni pamenepa.

Yachisanu ndi yotsanzika. Munene kuti simulembanso teremu ino, muwapatse mwayi umodzi waung'ono, monga kuwasokera sampulo imodzi ya mtundu wa sukulu yawo, ndipo mufunse ngati pali wina amene amaona za mayunifomu. Nthawi zambiri mumakhala mukulembera ahedi pamene wogula ndi mwini sukulu kapena wosunga chuma. Mipata izikula: tsiku loyamba, la 4, la 9, la 16, la 25.

Kondwi265: Zonsezi zachikale. Ikani pa WhatsApp basi, ulere. Ndani amawerenga imelo ku Malawi kuno kkkk

Mai a Tada: Woti akaonetse kotesheni ku komiti amawerenga. WhatsApp ndi yabwino akayankha kale. Nambala yachilendo ikamatumiza mauthenga asanu amangoibuloka.

Aphiri a IT: Funso lenileni ndi pulogalamu yotumizira maimelo. Osalipira Mailchimp, ndi madola, ndipo khadi kuti idutse masiku ano n'zovuta. Brevo ili ndi yaulere, maimelo 300 patsiku. Muikamo onse 48, muika masiku, izitumiza yokha. Mukaona amene akutsegula ndi 60% ndiye kuti zikuyenda.

Mai a Tada: Aphiri mwalondola theka. Mapulogalamu amenewo amafuna anthu amene anavomera kulandira maimelo anu. Adilesi yokopera pa chikwangwani si chilolezo, angapo akadina Spam akaunti ikhoza kutsekedwa. Komanso chiwerengero cha otsegula musachikhulupirire kwambiri. Kuyambira 2021 Apple Mail, pulogalamu ya maimelo ya pa iPhone, imatha kuonetsa ngati imelo yatsegulidwa pamene mwini wake sanaiwerenge. Werengani mayankho. Anthu 48 ndi ochepa, Gmail wamba imalola mpaka 500 patsiku. Atumize mmodzimmodzi, dzina la sukulu lili pamutu, osati imelo imodzi yopita kwa onse pa Bcc.

Aphiri a IT: Ndiye agwiritse Schedule send ya mu Gmail, yoikira tsiku loti imelo idzapite yokha, aike zonse zisanu tsiku limodzi, apume.

Mai a Tada: Apo ndiye pali dzenje. Schedule send sidziwa kuti munthu wayankha. Ahedi akuyankhani Lachiwiri kuti bwerani tikambirane, Lachisanu kukufika imelo yachitatu yowalankhula ngati simunamvanepo. Woyankha aliyense, ngakhale wokana, achotsedwe pamndandanda tsiku lomwelo. Kope la K500 likwanira: dzina la sukulu, imelo imene yapita, tsiku la yotsatira.

Kondwi265: Kope la K500 mulipeza kuti mayi, munapita liti ku shopu

Mlongo Chisomo: Pepani kulowerera. Ine maimelo anga onse akumagwera ku Spam, ndimagulitsa makeke. Ndimamatamo zithunzi 12. Vuto n'chiyani?

Che Jombo: Zithunzi 12 kwa munthu wosakudziwani, inunso mlongo.

Bigi wa ku Limbe: Asanu ndi ochepa. Wanga anandilembera 12. Munthu umamutopetsa mpaka agule.

Nabanda_Zosoka: Ndamutumizira funso la mizere isanu lija. Wayankha kuti njira yake ndi chinsinsi, ndiyambe ndalipira theka. Koma watsitsa, akuti K120,000.

Che Jombo: Ndi yemweyo ameneyo! Mufunseni ngati amadziwa za masola.

Aphiri a IT: Komabe kunena chilungamo, sukulu imodzi yokha ikapereka oda ya ana 200 ndalamayo yabwerera. Si yambiri ngati mnyamatayo amalemba Chingerezi chabwino. Ahedi ena amaweruza pa galamala.

Mai a Tada: Chingerezi angakonze, koma tchati cha masaizi, mtengo wa nsalu ndi masiku a matelala zili m'mutu mwa a Nabanda. Adzabwerabe kudzakufunsani zonsezo. Ine ndikanalemba ndekha, n'kumulipira K30,000 yokonza chilankhulo.

Nabanda_Zosoka: Nthawi yolemba ndilibe mayi, ndili ndi madiresi a ukwati wa Loweruka. Inuyo mungandilembere zingati?

Kondwi265: Ine K20,000, ndi WhatsApp yomwe.