Mini, midiyani kapena modi, ndilembe iti pa lipoti?

Aphunzitsi anzanga ndithandizeni, ndili kuno ku Mzuzu, ndimaphunzitsa kakalasi ka ana 9 a Fomu 2 masana. Mayeso a masamu apeza 12, 15, 48, 50, 52, 55, 55, 60, 67. Ndaphatikiza zonse zakwana 414, kugawa ndi 9 mini yake ndi 46, koma ana 7 aposa 46 imeneyo, ndiye ikundivuta mumtima chifukwa awiri a 12 ndi 15 aja anajomba sabata zitatu mvula itavuta ndipo ndi amene akokera avereji pansi. Midiyani, ya mwana wapakati, ndi 52. Modi ndi 55 koma angoipeza ana awiri basi.

Makolo akufuna kudziwa mwana wamba akukhoza bwanji. Ine mtima uli pa 52, kodi ndikulakwitsa?