Meseji ya ndalama yalowa koma balansi siyinasunthe: zandichitikira lero pa benchi

Make Tadala (mpunga ndi nyemba, msika waukulu wa Zomba):
Anzanga a pa gulu, ndikuuzeni zomwe zandionekera lero, mwina wina zimupulumutsa. Mtima ukadali phaphapha.

Cha m'ma 11 koloko, nthawi imene anthu amathinana pa mzere wathu wa mpunga, wabwera bambo wina wovala bwino, shati yopisira, makiyi m'manja. Akuti akufuna kilombero makilo 25, kwawo kuli chinkhoswe Loweruka. Tanenerera pang'ono mpaka tagwirizana K3,400 pa kilo, zonse K85,000. Ndayeza, ndathira m'thumba, ndasoka. Iye waitana wa kabaza, thumba lakwera kale pa kaliyala. Kenako akuti, "Mayi, kashi ndilibe, ndikutumizireni pa foni." Nambala yanga ndi dzina zili pa katoni yomwe ndinapachika pa benchi, ndiye wangowerenga pomwepo n'kuyamba kudinadina.

Pasanathe mphindi foni yanga yalira. Ndayang'ana mwachangu, dzanja lina lili mu nyemba ndikupimira mayi wina, ndaona K95,000. Iye wagwira mutu, "Ayi ine, ndadina 9 m'malo mwa 8! Basi mayi, ingondipatsani K10,000 yapamwambayo pamanja ndimulipire wa kabazayu." Ndikunena zoona, zipi ya kachikwama ka m'chiuno ndinatsegula, ma K5,000 awiri ali m'zala.

Chomwe chandiimitsa ndi mzere wa pansi wa mesejiyo. Walemba kuti balansi yanga tsopano ndi K95,000. Koma ine m'mawa ndalandira ndalama kwa makasitomala awiri, ndipo ndikudziwa kuti mu foni munali K41,200. Ikanalowadi, pakanalembedwa K136,200. Ndamuuza kuti dikirani kaye bambo ndione. Wayamba kukwiya, ati mukundiyesa wakuba ine, ati netiweki ikuchedwa, ati onani pa foni yanga yatuluka kale. Ine ndangodina *211# n'kupita pa balansi. K41,200, osasuntha ngakhale tambala.

Podzutsa mutu, munthu uja akuti akaitane mkazi wake ali ku mzere wa nsomba. Mpaka pano akuitanabe. Wa kabaza watsitsa thumba akutukwana, nayenso samamudziwa, anangomukodola pa geti.

Funso langa ndi ili: tizitani kuti tizizindikira msanga? Chifukwa lero ndapulumukira pa kukumbukira balansi, koma masiku ambiri sindiidziwa.

Aphiri a hadiweya (Chinamwali):
Pepani mayi. Koma nkhani iyi ndi yophweka. Muziyang'ana pamwamba pa meseji. Yeniyeni imabwera ndi dzina la kampani, yabodza imabwera ndi nambala ya munthu, 099 kapena 088 yakutiyakuti. Ine ndimangoona pamenepo basi, zaka zonsezi sanandibere.

Make Tadala:
Ndabwerera kukaiona. Ndi zoona Aphiri, pamwamba pali nambala wamba yoyamba ndi 099. Nthawi ijayi maso anga anathamangira pa K95,000, pamwambapo sindinaonepo n'komwe. Kafoni kanga ndi ka mabatani, meseji ikatseguka nambala imakhala mu tizilembo ting'onoting'ono.

Che Jafali (ejenti, pafupi ndi depoti):
Aphiri anena zoona koma theka. Kuona dzina kumagwira akamberembere aulesi okha. Ochenjera amadutsa pamenepo, ndipo ndikuuzeni momwe amachitira chifukwa ndinaziona ndi maso kwa mnyamata amene ndinkamusiyira kashopu kanga.

Munthu amabwera tsiku lina, kapena m'mawa wa tsiku lomwelo, n'kupempha foni: "Ndibwerekeni ndimuflashe mwana, yanga yathima." Mu masekondi ochepawo amasunga nambala yake mu foni mwanu, koma pa dzina amalemba dzina la kampani ya ndalama, ndendende momwe limaonekera pa mameseji enieni. Akadzatumiza meseji yabodza, foni yanu imaonetsa dzina lija, chifukwa foni imangoonetsa dzina lomwe linasungidwa. Inu mukaona pamwamba mtima pansi, katundu wapita.

Pali njira ziwiri zoigwirira meseji yotere. Yoyamba, mameseji enieni onse amagwera malo amodzi, pansi pa anzake a dzulo ndi dzana. Yabodza imakhala payokha, ilibe mbiri kumbuyo kwake. Mukaona mizere iwiri ya dzina lofanana mu inibokosi, umodzi wodzaza wina uli ndi meseji imodzi yokha, dziwani kuti pali wina anagwira foni yanu. Yachiwiri, tsegulani pomwe pamaonetsa zambiri za wotumiza. Ngati kuseri kwa dzinalo kuli nambala ya foni yoti mungathe kuyiimbira, ameneyo ndi munthu.

Koma zonsezi ndi zongothandizira. Meseji si ndalama. Meseji ndi kalata chabe yonena kuti ndalama yabwera, ndipo kalata aliyense atha kulemba: amakopera yeniyeni yakale, n'kusintha chiwerengero, tsiku ndi dzina. Chomwe wakuba sangathe kusintha ndi yankho lomwe limabwera inu mukafunsa nokha ku akaunti yanu, *211# kwa a Airtel Money, *444# kwa a Mpamba, kapena pa apu. Ndiye chifukwa chake mayi athuwa apulumuka. Wakubayo samadziwa kuti mu foni mwawo muli zingati, ndiye mzere wa balansi anangolota.

Nachisale (kaunjika, Matawale):
Ine zinandichitikira zomwezi mwezi watha. Inabwera meseji usiku, kenako bambo wina akuimba akulira kuti watumiza molakwika K30,000 ya kuchipatala, ndimubwezere. Ndinamubwezera K15,000 yomwe ndinali nayo chifukwa cha chisoni. Mawa lake ndikupita kwa ejenti akuti mulibe kanthu. Ndiye funso langa, kodi ndalama imeneyo ingabwerere? Nambala yake ndikadali nayo.

Che Jafali:
Achemwali, yanuyo ndi mphwake wa nkhani ya Make Tadala, nyambo ndi imodzi koma mbedza yosiyana. Kwa iwo amafuna katundu ndi tchenji, kwa inu amafuna kuti mutumize nokha. Vuto ndi loti ndalama munatumiza ndi dzanja lanu, ndi pini yanu, ndipo anthu amenewa amatapa pompopompo. Patha mwezi, musayembekezere zambiri. Komabe kaneneni ku ofesi ya kampani yanu ndi ku polisi, mutenge meseji yeniyeni yosonyeza kuti munatumiza, ili ndi nambala ya thiranzakishoni. Mwina ndalama siibwera koma nambalayo aitsatire.

Ndipo kwa onse: munthu akati watumiza molakwika, ngakhale mutapeza kuti yalowadi, muuzeni adzere ku kampani kuti ibwezedwe mwa dongosolo lake. Inu musatumize ku nambala yomwe akukutchulirani pa foni.

Mjomba wa matemba (Kachulu ndi Zomba):
Ine ndikutsutsako pang'ono. Izi zodina balansi n'zabwino kwa inu okhala mu tauni. Ine ndimapikula matemba ku Kachulu, kunyanja ya Chilwa, ndipo kumeneko netiweki nthawi zina umachita kuikwerera pachulu. Udina kasanu, foni ingozungulira. Ndiponso zinandichitikirapo kuti kasitomala weniweni watumiza, kwake yatuluka, kwanga meseji yafika patatha ola. Ndikanamutenga ngati wakuba ndikanataya munthu amene amandigula dengu lathunthu mwezi uliwonse. Ndiye pamenepo mukuti titani?

Che Jafali:
Mjomba, kuchedwa kwa meseji kulipo, sindikana. Koma onani kusiyana kwake. Kwa inu ndalama inabwera, meseji n'kuchedwa. Kwa Make Tadala meseji inabwera, ndalama kulibe. Kawirikawiri meseji ikachedwa, mukakwanitsa kufunsa balansi mumapeza yakwera kale. Koma meseji kufika bwinobwino pa foni yanu, yonena kuti mwalandira, balansi osasintha, kenako munthu n'kumati ndi netiweki, pamenepo ine sindimva. Netiweki yomwe yabweretsa mesejiyo ndi iti?

Pomwe pavuta zenizeni ndi pamene simungathe kufunsa n'komwe. Apo ine ndilibe mankhwala. Kwa munthu womudziwa, kwawo mukukudziwa, mutha kupereka, imeneyo ndi ngongole ya chikhulupiriro. Kwa mlendo, katundu akhale pansi mpaka foni iyankhe.

Mjomba wa matemba:
Nanga akandionetsa pa foni pake kuti yatuluka, pali dzina langa ndi nambala ya thiranzakishoni?

Tiya (zovala za ana, ndimagulitsa pa foni):
Ankolo, zimenezo ndiye musazikhulupirire n'komwe. Ine amanditumizira masikirinishoti tsiku ndi tsiku. Chithunzi amachikonza pa foni pomwepo, mphindi ziwiri zokwana. Wina ananditumizira chokongola, manambala onse alipo, koma nthawi yolembedwa pamenepo inali 14:20 pomwe tinkacheza 13:50. Ndalama ya m'tsogolo! Nambala ya thiranzakishoni imathandiza pokadandaula ngati ndalama inayendadi, koma kungoiona pa foni ya mwini wake sikutsimikiza kanthu, atha kungopeka.

Make Tadala, pa funso lanu loti masiku ambiri balansi simuidziwa, ine ndimachita chonchi. M'mawa ndisanayambe ndimafunsa balansi n'kulemba pamwamba pa tsamba mu kope la ngongole. Aliyense akalipira pa foni ndimawonjezera pamenepo. Ndiye meseji ikabwera ndimadziwiratu chiwerengero chomwe ndikuyembekezera. Ngati mwasokonezeka, onani ministetimenti, imaonetsa ndalama zomalizira kulowa ndi kutuluka.

Aphiri a hadiweya:
Chabwino, ndavomera za dzinazo, sindimadziwa. Ndafufuza mu foni ya pa shopu, palibe chachilendo. Koma kunena zoona kope limenelo pa hadiweya silingayende, anthu khumi pa kauntala, wina misomali wina simenti. Ndipo makasitomala ena akuluakulu amanyansidwa ukamadina foni pamaso pawo ngati ukuwakayikira. Wina anandisiyira malata pa kauntala chifukwa cha zimenezo.

Make Tadala:
Aphiri, ine lero bambo uja wandikalipiranso chimodzimodzi, ndipo mkwiyo wakewo ndi umene unatsala pang'ono kundigonjetsa. Unali manyazi, anthu akuyang'ana, mayi wa nyemba uja akudikira tchenji chake. Ndikaganiza bwino, zonse anazikonza kuti ndisapeze mpata: thumba pa njinga lisanalipiridwe, nthawi ya chipwirikiti, ndi K10,000 yapamwamba yoti maganizo anga akhale pa kubweza osati pa kufunsa ngati yalowa.

Ndalankhula ndi mnzanga wa benchi yoyandikana, tagwirizana kuti tilembe pa katoni pomwe pali nambalapo kuti katundu amachoka tikaona balansi. Likakhala lamulo lolembedwa, munthu sangati ndikumukayikira iyeyo. Ndipo thumba lizikhala pansi pa benchi, kabaza aziitanidwa pambuyo.

Che Jafali:
Mesejiyo musafufute mayi. Ndipo podina pini muzitembenuka, ena amakukakamizani kuti muone balansi pamaso pawo dala kuti awerenge zala zanu.

Make Tadala:
Iii, ndiye anali ataima pa phewa panga penipeni. Ndisintha pini pompano. Nambala ija ndaipereka kwa a komiti ya msika. Wa kabaza uja wabweranso madzulo ano, akuti munthu yemweyo anamuonapo Loweruka ku Thondwe ali ndi thumba la nyemba, ndiye amene muli ndi abale ogulitsa kumeneko muwauze. K500 ya ulendo womwe sunayendedwe ndamupatsa ndine, anali atanyamula kale.