Thandizeni masamu a puloti ya ku Chileka ndisanalipire

Abale anga, amene mumadziwa za malo ndithandizeniko, mutu waima. Ndapeza puloti ku Chileka, chakufupi ndi msewu wopita ku bwalo la ndege. Mwini wake akuti ndi kota ya ekala, ndipo akugulitsa pa K8,000 sikweya mita imodzi.

Ine ndawerengera chonchi: ekala imodzi ndi masikweya mita pafupifupi 4,047. Ndikagawa panayi ndikupeza 1,012, ndipo ndikachulukitsa ndi K8,000 ikukwana K8,096,000. Bambowo akuti ndingopereka 8 miliyoni, zinazo andichotsera. Ndinasangalala ndithu.

Koma Loweruka tinapitako ndi achimwene anga, titabwereka tepi kwa mmisiri wina womanga nyumba. Kuyeza kuchokera pa bikoni ya pafupi ndi mtengo wa mango mpaka pa inzake, tinapeza mamita 30, m'litali namonso 30. Ameneyo ndi masikweya mita 900 basi, ndiye kuti K7,200,000. Nditawafunsa bambo ogulitsawo anangoseka, amvekere, "Aliyense kuno amadziwa kuti 30 kwa 30 ndi kota." Komatu apa pakusowa masikweya mita 112, ndipo ngakhale andichotsere muja ndikhala nditaonjeza K800,000, ndalama ya simenti yambirimbiri.

Ndiye funso langa ndi ili: kodi 4,047 ndikugwiritsa ntchitoyo ndi yolondola? Nanga pa pepala la mgwirizano tilembe kota ya ekala kapena masikweya mita amene tayezawo? Ndiyambe ndaitana saveya, kapena tepi yathuyi ndi yokwanira kukambirana nayo mtengo? Akufuna yankho pofika Lachisanu.