TV ikumagona yoyaka, ndiitchere bwanji kuti izizima yokha?

Abale, ndithandizeni. Agogo anga kuno ku Chinamwali, Zomba, amawodzera akuonera TV, ndiye imakhala yoyaka mpaka kucha. Ndikadzuka m'mamawa ndimaipeza yatentha kumsana, mayunitsi a magetsi nawo sakuchedwa kutha.

Ndinalowa mu Settings, ndinapeza Sleep Timer n'kuika mphindi 90. Usiku umenewo inazimadi. Koma mawa lake ndinapeza yabwerera pa Off, ndipo agogo sangathe kumaitchera tsiku lililonse, maso awo akuvuta. Palinso Auto Power Off, ndinasankha maola 4, koma ikuoneka kuti imayambanso kuwerenga munthu akangokhudza rimoti.

Kodi pali njira yoti izizima yokha pa ola limodzimodzi usiku uliwonse, monga 11 koloko, osatcheranso? Nanga dikoda, poti imatsala yoyaka, ndiitani?